Mavampaya awiri: wa ku Medveđa ndi wa m'mafilimu

Cha m'ma 1731 ku Medveđa, mudzi wa ku Serbia, anthu anafukula manda atatopa ndi maliro otsatizana. Anapeza mitembo yotupa, yofiira, magazi ali kukamwa, ndipo anati akufawo ndi mavampaya, akuyamwa magazi a abale awo usiku. Koma ndi mpweya wa kuwola umene umatupitsa thupi ndi kukankhira madzi ofiirawo kukamwa. Zikhadabo zooneka ngati zakula? Khungu limangofota basi.

Vampaya wa m'mafilimu ndi mbeta yotuwa, yachuma. Ulemerero anaupeza mu 1819, mlembi wa ku England John Polidori atamusandutsa bwana m'nthano yake. Pofika 2008, mu filimu ya Twilight, akunyezimira padzuwa, mtsikana n'kumamufera. Kwa ine, vampaya wakumudzi uja ndiye amandiimitsa tsitsi, poti anali mnansi amene munamuika m'manda dzana.