Kiyibodi yowongoka, yopindika pakati, kapena yogawika pawiri?

Musanagule kiyibodi ina, yambani mwaona mmene dzanja lanu limapindikira potayipa, chifukwa limapindika m'njira zitatu ndipo kiyibodi iliyonse imangokonzako zina.

Ikani zala zamkombaphala pa F ndi J. Mabatani amatalikirana mamilimita 19, ndiye kuti zala ziwirizi zatalikirana masentimita osakwana 6, pomwe mapewa anu atalikirana masentimita pafupifupi 40. Mikono imalowa cham'kati, ndipo kuti zala zilingane ndi mizere ya mabatani, dzanja limakhotera kumbali ya kachala kakang'ono. Uku ndiye kupindika koyamba. Kwachiwiri ndi kupindikira m'mwamba, pamene tsinde la chikhatho lagona padesiki koma zala zakwera pamabatani. Kwachitatu ndi kutembenuza mkono kuti chikhatho chiyang'aniretu pansi.

Kiyibodi yowongoka, yomwe tonse tinaphunzirirapo, ili ndi mavuto atatu onsewa. Komabe lachiwiri, lomwe limapanikiza mtsempha wodutsa pamfundo ya dzanja, mungalithetse osatulutsa ndalama. Pindani timiyendo takumbuyo kwa kiyibodi, chifukwa timakweza mzere wakutali n'kuwonjezera kupindika. Kwezani mpando kapena tsitsani kiyibodi mpaka zigongono zipindike pa madigiri 90 kapena kuposerapo pang'ono, mkono ndi dzanja zikhale mumzere umodzi. Kakhushoni ka kutsogolo n'kopumirapo chikhatho mukaima kaye, si kopanikizirapo dzanja uku mukutayipa. Ngati mumamva kupweteka paphewa lamanja, kawirikawiri wolakwa ndi gawo la manambala lomwe limakankhira mausi kutali. Kiyibodi yopanda gawo limeneli ndi yaifupi ndi masentimita pafupifupi 8.

Yopindika pakati, monga Microsoft Natural ya mu 1994 ndi zina zotengera kapangidwe kake, ndi chinthu chimodzi, koma mabatani ake anagawidwa m'magulu awiri opendekeka ndipo pakati anakwezapo pang'ono. Imachepetsa kukhotera kumbali, komanso chikhatho sichiyang'aniratu pansi. Simutaya nthawi yambiri kuizolowera poti mabatani ali m'malo mwake. Vuto lake ndi lakuti kupendekeka kwake anakusankhiranitu kufakitale. Munthu wa mapewa otambalala amakhalabe atapanikiza mikono, ndipo zambiri mwa izi ndi zazitali kwambiri, moti mausi imapita kutali kuposa kale.

Yogawika pawiri, monga ErgoDox kapena Kinesis Freestyle, ndi zidutswa ziwiri zolumikizidwa ndi kachingwe. Apa mpamene pamafunika luso, poti ufulu wosuntha umabwera ndi ufulu wolakwitsa. Tiyerekeze kalaliki yemwe pofika madzulo amamva kuwawa kumbali ya dzanja, kumunsi kwa kachala kakang'ono. Akhale pampando, mikono ilendewere, kenako apinde zigongono osazichotsa m'mbali mwa nthiti. Pomwe manja agwera mpomwe aike zidutswazo. Azizungulize pang'onopang'ono mpaka chala chapakati chiwongokere kumodzi ndi mkono. Akatero akweze mbali zam'kati, zakuzala zazikulu, ndi madigiri 10 kapena 15 poyamba. Anthu ambiri amathamangira kukweza kwambiri tsiku loyamba, kiyibodi n'kutalika, manja n'kumalendewera m'malere, phewa n'kuyamba kulira. Ena amatalikitsa zidutswazo kupitirira mapewa, ululu n'kungosamuka kuchoka padzanja kupita kumsana. Mausi ikhoza kukhala pakati pa zidutswazo, ndipo kwa ine umenewu ndiye ubwino wake womwe anthu sautchula mokwanira.

Dziwaninso kuti ziwiri zogawikazi zimaulula zizolowezi zanu. Ngati B mumamumenya ndi dzanja lamanja, kapena Y ndi lamanzere, chala chidzagwera pamalo opanda batani. ErgoDox imaonjezera ntchito ina: mabatani ake anandandalikidwa molunjika motsata zala, osati mopingasa, ndiye liwiro limatsika kwa masabata angapo. Freestyle inasunga mizere ya masiku onse, choncho siivuta chimodzimodzi.

Kunena zoona, wotayipa ndi zala ziwiri akuyang'ana pansi sangapindule ndi yogawika, popeza manja ake sakhazikika pa F ndi J n'komwe. Wotayipa ndi zala zonse amene vuto lake ndi kupindikira m'mwamba akonze mpando ndi desiki basi. Kiyibodi yogawika yoikidwa padesiki yaitali imapinda dzanja mofanana ndi yowongoka. Yogawika ndi ya munthu amene wakonza zonsezi koma dzanja likukhoterabe kumbali. Ikakhala nkhani ya ndalama, yopindika pakati imakwanira munthu wa mapewa apakatikati.

Pali malire ena omwe kiyibodi singadutse. Dzanzi la pachala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, makamaka lokudzutsani usiku, limasonyeza kuti mtsempha wapanikizika pamfundo ya dzanja. Dzanzi la pakachala kakang'ono nthawi zambiri limachokera pachigongono, mwina chifukwa chotsamira padesiki kapena pamkono wa mpando. Likapitirira kwa masabata, kapena zinthu zikayamba kukupulumukani m'manja, pitani kuchipatala musanayitanitse kiyibodi iliyonse.