Mamonita atatu pa kebulo imodzi ya DisplayPort: mmene zayendera patatha miyezi

"Achimwene, mamonita aja munalumikiza mondondozana akugwirabe bwino? Ine ndikufuna atatu a 2560x1440 pa doko limodzi, zitheka?"

Akugwira, ndipo sindikufuna kubwerera ku makebulo atatu olendewera kuseri kwa tebulo. Koma zimene mukufunazo, ngati doko lanu ndi la DisplayPort 1.2 ngati langa, sizitheka pa 60 Hz. Musagule monita wachitatuyo musanawerengere, chifukwa vuto lake silikonzeka ndi dalaivala watsopano kapena kebulo yodula. Ndi masamu basi.

Kwanga kuli chonchi. Kompyuta yaing'ono ya pa tebulo ili ndi doko limodzi la DisplayPort 1.2. Kebulo imachoka pamenepo kukalowa mwa monita woyamba wa mainchesi 27, wa 2560x1440. Monita ameneyu ali ndi doko lina lotulutsira lolembedwa DP Out, ndipo kuchokera apo kebulo yachiwiri imapita kwa mnzake wofanana naye. Wachitatu, amene ali kumapeto, ndi wa mainchesi 24, wa 1920x1080. Mu menyu ya awiri oyambawo ndinayatsa MST, njira imene bungwe la VESA linabweretsa pamodzi ndi DisplayPort 1.2 mu 2010 kuti zithunzi za mamonita angapo zizidutsa mu kebulo imodzi. Wakumapeto safuna DP Out poti alibe womupatsira.

Chimene miyezi imeneyi yandiphunzitsa n'chakuti kebulo yoyamba, yochoka pa kompyuta, ndiyo imalamula zonse. Zithunzi za mamonita onse atatu zimadutsa mmenemo. Mkati mwake muli mizere 4, ndipo pa liwiro lotchedwa HBR2 mzere uliwonse umanyamula magigabiti 5.4 pa sekondi, yonse pamodzi 21.6. Nambala imeneyi ndi imene ogulitsa amakonda kulemba pa katoni. Koma pa mabiti 10 aliwonse otumizidwa, 8 okha ndiwo a chithunzi, enawo ndi othandiza kuti uthenga ufike bwino. Choncho zotsala zenizeni ndi magigabiti 17.28 pa sekondi.

Ndiyeno MST imadula mphamvu imeneyi m'magawo 64 ofanana. Gawo limodzi limapita ku mutu wa uthenga, otsala ndi 63, ndipo lililonse ndi la magigabiti 0.27. Monita sapatsidwa theka la gawo. Zili ngati mipando ya m'basi: wofuna malo a mpando umodzi ndi theka amalipira iwiri.

Tiwerengere monita mmodzi wa 2560x1440. Anthu ambiri amangochulukitsa 2560 ndi 1440 ndi 60, n'kupeza nambala yaing'ono kuposa yoona, chifukwa chithunzi chilichonse chimatumizidwa ndi timipata tosaoneka m'mbali ndi pansi. Tikaphatikiza timipatato, monita wotere pa 60 Hz amafuna mapikiselo 241.5 miliyoni pa sekondi. Pikiselo iliyonse ndi mabiti 24, kutanthauza 8 a kufiira, 8 a kubiriwira ndi 8 a buluu. Pamwamba pake MST imawonjezerapo kachitetezo ka 0.6 peresenti. M'masamu ali m'munsiwa, 270 ndi gawo limodzi lija la magigabiti 0.27 litalembedwa m'mamegabiti, ndipo nambala yomaliza ndi magawo amene monita amafuna.

```
2560x1440: 241.5 x 24 x 1.006 = 5831; 5831 / 270 = 21.6 -> 22
1920x1080: 148.5 x 24 x 1.006 = 3585; 3585 / 270 = 13.3 -> 14
```

Kwa ine ndiye 22 kuphatikiza 22 kuphatikiza 14, zikukwana 58. Pa magawo 63 aja patsala 5, n'chifukwa chake onse atatu amayaka pa 60 Hz tsiku ndi tsiku popanda kuphethira. Kwa inu, 22 katatu ndi 66. Mwapyola ndi magawo 3 okha, koma kupyola n'kupyola. Mnzanga wina atandibwereka monita wake wa 2560x1440 ndinamuika kumapeto m'malo mwa wamng'ono uja kuti ndidzionere ndekha. Awiri oyamba anayaka monga mwa nthawi zonse, wachitatu anayakanso koma pa 1920x1080, zilembo zili mbuu, ndipo nditasankha 2560x1440 pa 60 Hz sikirini inangoda kwa kanthawi n'kubwerera pomwe inali. Palibe uthenga uliwonse umene unatuluka wonena kuti mphamvu ya kebulo yatha. Chimenechi chimandikwiyitsa mpaka lero, chifukwa munthu wosadziwa masamuwa angaganize kuti wagulitsidwa monita wakufa, n'kukayambana ndi wogulitsa popanda chifukwa.

Pali kanjira kozembera: onse atatu akatsikira pa 50 Hz, aliyense amafuna magawo pafupifupi 18, onse pamodzi 54, ndipo akwana. Kwa wolemba malipoti ndi kuwerengera ndalama 50 Hz si yoipa kwenikweni, ngakhale diso limaona kuti mausi sakuyenda mosalala ngati kale. Koma zimafuna kuti mamonita anu avomere 50 Hz pa kukula kumeneko, ndipo si onse amene amatero.

Chinthu chimene sindinachiyembekezere chinachitika patapita miyezi ingapo zonse zikuyenda bwino. Tsiku lina monita wamng'ono anangokana kuyaka. Kebulo inali bwino, magetsi analipo. Nditatsegula Settings > System > Display > Advanced display mu Windows, ndinapeza kuti pa Bit depth ya akuluakulu awiri aja panalembedwa 10-bit m'malo mwa 8-bit. Dalaivala wa zithunzi anali atasinthidwa posachedwa, ndipo anasankha yekha mitundu yozama poona kuti mamonitawo amaikwanitsa. Pikiselo iliyonse inachoka pa mabiti 24 kufika pa 30, magawo a monita mmodzi anakwera kuchoka pa 22 kufika pa 27. Awiri ndi 54, kutsala 9, pamene wamng'onoyo akufuna 14. Nditabwezera pa 8-bit anayaka nthawi yomweyo. Kuyambira pamenepo, monita wakumapeto akavuta, ndimayamba ndayang'ana za anzake akutsogolo, osati za iyeyo. Wovutika nthawi zambiri amakhala wakumapeto, koma wadya malo amakhala wina.

Nkhani ya laputopu ndiyo imasokoneza anthu kwambiri. Ndinayesa kulumikiza mzere womwewu wa mamonita ku laputopu yakale pang'ono kudzera pa USB-C, poti monita woyamba ali ndi doko lotero lomwe limatchajanso batire. Woyamba anayaka bwinobwino, wachiwiri anatsika kwambiri, wachitatu osaoneka n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti mu USB-C muli mizere 4 yothamanga, ndipo USB 3 ikamagwira ntchito imatenga iwiri, zithunzi n'kutsala ndi iwiri. Pa HBR2 mizere iwiri ndi magigabiti 8.64 okha. Magawo amakhalabe 63 koma lililonse lachepa ndi theka, moti monita mmodzi wa 2560x1440 amadya 44 yekha. Mu menyu ya monita wanga muli posankha kuti mizere yonse 4 ipite ku zithunzi. Nditasankha pamenepo akuluakulu awiri anabwerera pa 60 Hz, koma madoko a USB a pa monita anatsikira pa liwiro la USB 2.0. Kiyibodi ndi mausi sizinadandaule, koma kukopera mafayilo aakulu mu fulashi kunayamba kutopetsa.

Wachitatu anakanabe, ndipo apa vuto silinali mphamvu ya kebulo ayi. Tchipi cha zithunzi chili ndi malire akeake a masikirini amene chingayendetse nthawi imodzi. Pa mapurosesa ambiri akale a Intel malirewo ndi 3, ndipo sikirini ya laputopu yeniyeniyo imawerengedwa. Nditatseka chivundikiro cha laputopu, wachitatu anayaka. Malire awiriwa ndi osiyana, ndipo muyenera kudutsa onse. Dziwaninso kuti macOS sigawa zithunzi zosiyana kudzera mu MST. Mukalumikiza Mac ku mzere wotere mumaona chithunzi chimodzimodzi pa mamonita onse.

Za makebulo ndinene mwachidule. Kompyuta ikamayaka imayamba yakambirana ndi monita woyamba za liwiro limene kebulo ikwanitse. Kebulo ikakhala yofooka, yaitali kwambiri kapena yosalowa bwino, amagwirizana zotsikira pa HBR, magigabiti 2.7 pa mzere, ndipo 17.28 ija imasanduka 8.64 mwakachetechete. Chizindikiro chake n'chakuti dzulo onse anayaka, lero wachiwiri watsika kapena wazima, mawa ayakanso onse, inu musanasinthe kalikonse. Zinandichitikira nditasuntha tebulo n'kuika kebulo yaitali yopanda chizindikiro cha VESA. Nditabwezera yaifupi ya mita imodzi ndi theka zinatha. Kebulo yabwino koposa muiike poyambirira.

Chotopetsa cha tsiku ndi tsiku chimene sichinathe ndi kudalirana. Monita woyamba akazimitsidwa, kapena ndikamusinthira ku HDMI kuti ndionere china, am'mbuyo onse amasowa. Magetsi akathima n'kubwera, nthawi zina kompyuta imadzuka mamonita asanakonzeke, n'kupeza awiri okha. Mankhwala ake ndi kuzimitsa monita woyamba n'kumuyatsanso kuti onse awerengedwe mwatsopano. Kuzimitsa njira yosungira magetsi kwambiri mu menyu ya monita woyamba kunachepetsa vutoli, ngakhale sikunalithetseretu. Pa Linux mungaone ngati onse apezeka polemba izi:

```
xrandr --query | grep " connected"
```

Mamonita a mu mzere amaoneka ndi mayina otalika monga DP-1-1 ndi DP-1-8, osati DP-1 yekha.

Tsono kwa inu, achimwene. Ngati atatu a 2560x1440 pa 60 Hz ndiwo mukufunadi, mufunika DisplayPort 1.4. Liwiro lake la HBR3 ndi magigabiti 8.1 pa mzere, zotsala zenizeni 25.92, ndipo gawo lililonse limakula kufika pa 0.405. Monita mmodzi amafuna magawo 15, atatu 45, malo n'kutsalabe. Koma si doko la kompyuta lokha loyenera kukhala 1.4. Monita woyamba ayeneranso kulandira HBR3, apo ayi mzere wonse ubwerera pa 17.28. Kebulo yachiwiri imanyamula zithunzi ziwiri zokha, choncho HBR2 ikwanira pamenepo. Musamale ndi mawu a pa katoni, chifukwa monita akhoza kulembedwa DisplayPort 1.4 koma liwiro lake likuthera pa HBR2. Fufuzani m'buku lake mawu akuti HBR3, ndi tebulo losonyeza kukula kumene amalola pa MST. Ngati kompyuta yanu ili ndi doko lina la HDMI lomwe likungokhala, njira yotchipa ndi kusiya awiri pa DisplayPort 1.2, magawo 44, wachitatu n'kumupatsa kebulo yakeyake.