Kufananitsa ndi malikisi a mwayi, rigireshoni, kapena kuyeza kusintha: njira iti ikuyenera kafukufuku wa maphunziro a ntchito?

Kafukufuku ali m'manja mwako. Ena mwa ofunsidwa anachita maphunziro a ntchito, ambiri sanachite, ndipo wopereka ndalama akufuna adziwe kuti maphunzirowo anawonjezera zingati pa malipiro a munthu. Njira zimene anthu timathamangira ndi zitatu, ndipo ndiziyeza zonse pa mulandu umodzi womwe yankho lake lenileni limadziwika.

M'zaka za m'ma 1970, ku Amereka kunali pulogalamu ya National Supported Work, yopatsa ntchito zoyambirapo anthu ovutika kulembedwa, monga otuluka kundende ndi achinyamata osiyira sukulu panjira. Olowa ankasankhidwa mwa maere, choncho ogwa pa maerewo, amene sanalowe, anali gulu lofanana ndithu ndi olowa. Mu 1986, Robert LaLonde anachotsa gulu la ogwa pa maerelo n'kuikapo anthu wamba otengedwa m'kafukufuku wa CPS ndi wa PSID, omwe amafunsa mabanja ambiri a ku Amereka za ntchito ndi malipiro, kuti aone ngati masamu angabweze yankho la maere. Mayankho anamwazikana kwambiri.

Titenge gawo la amuna limene Rajeev Dehejia ndi Sadek Wahba anagwiritsa ntchito mu 1999: olowa 185 ndi ogwa pa maere 260. Maere akuti phindu pa malipiro a 1978 ndi madola 1,794. Koma ukangoyerekeza olowa 185 aja ndi anthu 15,992 a CPS, zimaoneka ngati pulogalamu inawalanda madola pafupifupi 8,500. Chifukwa chake n'chosabisika: anthu a CPS ambiri anali okwatira, ophunzira, ndipo ankalandira kale bwino.

Rigireshoni ndiyo yachangu. Umaika msinkhu, zaka za sukulu, ukwati ndi malipiro akale m'chiwerengero chimodzi, n'kuwerenga nambala yoimira phindu la pulogalamu. Magulu awiriwo akakhala oyandikana, imagwira bwino ntchito, ndipo sindiona chifukwa choinyozera. Vuto lake n'lakuti siidandaula. Imajambula mzere kuchokera kwa bambo wa zaka 45 wa ntchito yokhazikika mpaka kwa mnyamata amene sanalandirepo kanthu zaka ziwiri, ngakhale pakati pawo palibe munthu aliyense wotsimikizira kuti mzerewo ndi woongoka.

Kufananitsa ndi malikisi a mwayi, njira yodziwika ndi zilembo za PSM, kunachokera kwa Paul Rosenbaum ndi Donald Rubin mu 1983. Munthu aliyense, wolowa ndi wosalowa yemwe, umamuwerengera mwayi woti munthu wa mbiri ngati yake akanalowa pulogalamu, nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Kenako wolowa wa malikisi 0.62 umamupezera mnzake wosalowa wa 0.61 kapena 0.63, n'kuyerekeza malipiro awo. Mu R, pulogalamu ya kompyuta yowerengera deta, phukusi la MatchIt lili ndi deta yophunzitsira ya `lalonde`, ya olowa 185 ndi osalowa 429:

```r
library(MatchIt)
data("lalonde")
m <- matchit(treat ~ age + educ + race + married +
             nodegree + re74 + re75,
             data = lalonde, method = "nearest", caliper = 0.2)
summary(m)
```

Mawu akuti `caliper = 0.2` ndi malire: mnzake akatalikira kuposa pamenepo, wolowayo amasiyidwa. Pa zimene `summary(m)` yatulutsa, yang'ana ziwiri usanakhudze malipiro a 1978. Choyamba ndi mzati wa `Std. Mean Diff.`, pomwe chizolowezi ndi chakuti nambala iliyonse ikhale yosapitirira 0.1. Chachiwiri ndi chiwerengero cha olowa amene atsala opanda mnzawo. Akatsala ambiri, yankho lako silikunenanso za pulogalamu yonse, likunena za okhawo amene amafanana ndi anthu wamba, ndipo lipoti liyenera kunena zimenezo poyera.

Apa m'pamene PSM imaposadi rigireshoni. Imakuonetsa ndi maso kuti anthu zikwizikwi a m'kafukufuku uja alibe chofanana ndi olowa, ndipo kuti yankho lonse latsamira pa kagulu kochepa. Dehejia ndi Wahba atachita zimenezi anapeza manambala oyandikira 1,794, ndipo kuyambira pamenepo njirayi inafala ngati moto wolusa.

Koma mu 2005 Jeffrey Smith ndi Petra Todd anabwereza ntchitoyo. Anaona kuti ukasintha gawo la anthu, mwachitsanzo kubwerera ku gulu lonse la LaLonde la olowa 297, kapena ukasintha mafunso olowa m'malikisi, yankho limasuntha kwambiri. Chimandidetsa nkhawa ine n'chakuti iwo anali ndi yankho la maere loti aziyezerapo. Iwe ndi ine tilibe. Tikayesa mitundu khumi ya malikisi n'kupeza mayankho khumi, palibe chotiuza loona.

Muzu wa vutoli ndi umodzi kwa PSM ndi rigireshoni: zonse zimakonza zokhazo zimene wofunsa anafunsa. Khama la munthu, thanzi lake, kapena kuti mlangizi anamusankha chifukwa ankaoneka wanzeru, sizili pa fomu. Anthu awiri angafanane malikisi mpaka kadontho komaliza, wina ali woti akanapeza ntchito ngakhale popanda maphunzirowo. Mzati wa `Std. Mean Diff.` ungakhale woyera bwino vutoli likadalipo, pakuti sungayeze chimene sichinalembedwe.

Njira yachitatu, kuyeza kusintha, imayesa kulowa pamenepo. M'malo moyerekeza malipiro, umayerekeza kusintha kwake: olowa akwera ndi zingati kuchokera asanalowe, osalowa akwera ndi zingati pa nthawi yomweyo, ndiye n'kuchotsera. Chilichonse chosasintha mwa munthu, cholembedwa kapena chosalembedwa, chimagwa chokha pochotserapo. Smith ndi Todd anapeza kuti kuphatikiza njirayi ndi kufananitsa kunachita bwino kuposa kufananitsa kokha.

Nayonso ili ndi msampha wake, umene Orley Ashenfelter anauona mu 1978: malipiro a olowa amakonda kugwa atatsala pang'ono kulowa, chifukwa ambiri amabwera ntchito itangowathera. Tiyerekeze munthu wozolowera madola 4,000 pachaka, yemwe chaka cholowa chisanafike wapeza 2,000 okha. Akabwerera pa 4,000, njirayi idzayamikira pulogalamu chifukwa cha 2,000 amene mwina akanabwera okha. Mankhwala ake ndi kukhala ndi malipiro a zaka ziwiri kapena kuposa asanalowe, n'chifukwa chake `re74` ndi `re75`, malipiro a 1974 ndi a 1975, zonse zili m'malikisi aja. Zakazo zimakupatsanso mayeso abwino: fananitsa popanda `re75`, kenako uone ngati magulu akusiyana pa `re75`. Pulogalamu singasinthe malipiro a nthawi imene munthu anali asanalowe, ndiye ukapeza kusiyana pamenepo, dziwa kuti magulu ako sanafanane.

Nanga usankhe iti? James Heckman, Hidehiko Ichimura ndi Todd, pofufuza pulogalamu ina ya ku Amereka ya JTPA mu 1997, anasonyeza kuti kufananitsa kumayandikira choonadi pamene magulu onse afunsidwa ndi fomu imodzi, akukhala m'dera limodzi lofuniramo ntchito, ndipo mbiri yawo ya ntchito ya posachedwa yalembedwa bwino. Deta ya LaLonde inalibe ziwiri zoyambazo. Ngati kafukufuku wako ali nazo zitatu zonsezi komanso malipiro akale, ine ndingafananitse kaye, kenako n'kuyeza kusintha pakati pa ofananawo. Ngati ndi kafukufuku wa ulendo umodzi wopanda malipiro akale, PSM ikuthandiza kuona amene ali oyerekezeka, koma nambala yotulukayo ndingailembe monga kusiyana kwa magulu awiri ofanana pa msinkhu, sukulu ndi ukwati, osati monga phindu la maphunziro.