Matsire: Mowa Wina Kapena Phala ndi Madzi?

Pagombe ku Senga Bay, asodzi ena amati matsire amachotsedwa ndi mowa womwewo, kumwa kachasu pang'ono m'mawa. Mutu umalekadi kwa kanthawi, koma mwangowonjezera ntchito kwa chiwindi, ndipo masana matsire amabwerera. Chimene chikukuzunzani n'chakuti chiwindi pophwanya mowa chimatulutsa poizoni wotchedwa asetalidehaidi, komanso mowa umakodzetsa kwambiri mpaka thupi kuuma, makamaka kutentha kwa kuno ku Salima.

Phala ndi madzi, kapena Thanzi ORS, sizichotsa poizoniyo. Zimangobwezera madzi, mchere ndi shuga, ludzu ndi kunjenjemera n'kuchepa, uku chiwindi chikumaliza ntchito yake, zomwe zingatenge tsiku lathunthu. Ine ndimasankha phala. Panado musam'thamangire mowa ukadali m'thupi, chifukwa nayenso amalemetsa chiwindi chomwecho.