Kukonza mndandanda wa mabuku: wotayipa, Zotero kapena manja ako?

Tinalemba lipoti anthu anayi, aliyense mutu wake. Titaphatikiza, mndandanda wa mabuku kumapeto unali chisakanizo: wina kalembedwe ka APA, wina Harvard yokhala ndi mitengero pa mitu ya nkhani, wina manambala a IEEE. Aphunzitsi ankafuna APA 7. Ndinayesa njira zitatu, ndipo poti anzanga simukusiya kundifunsa, nazi.

Wotayipa wa pashopu ina ndiye anandipweteka. Anakopera zonse n'kumata mu Word ndi Keep Text Only kuti zilembo zifanane. Zinafananadi, koma zilembo zopendekera zonse zinaimirira. Mu APA, dzina la buku limapendekera, dzina la jenolo ndi nambala ya voliyumu yake chimodzimodzi, pomwe mutu wa nkhani ya m'jenolomo supendekera. Zonse zikaimirira, wowerenga sadziwanso kuti buku ndi liti, nkhani ndi iti.

Chinandiwawa kwambiri ndi mizere. APA imafuna kuti mzere woyamba wa buku lililonse uyambire kumphepete, yotsatira ilowe mkati masentimita 1.27. Iye ankadina Enter pothera mzere uliwonse, kenako n'kukankha wotsatira ndi mipata. Papepala zinkaoneka bwino ndithu. Kunyumba nditangowonjezera dzina la mlembi mmodzi, mawu anamwazikana, mipata ili pakati pa ziganizo. Nditabwerera anati kukonza n'kulipiranso, kupulinta kwake padera. Musanapereke ndalama, dinani chizindikiro cha ¶ mu Word. Mukaona timadontho tandanda kumayambiriro kwa mizere, tengani fulashi yanu muzipita.

Zotero ndi pulogalamu yaulere ya pakompyuta yokonzera mndandanda wa mabuku, ndipo mukasankha APA 7 imapendeketsa, kuika mipumiro ndi kulowetsa mizere yokha. Koma imatulutsa zomwe mwaidyetsa. Mutu ukalowa Mawu Onse Oyamba Ndi Zilembo Zazikulu, muukonze mu Zotero momwemo ndi Sentence case, chifukwa mabuku a anzanu ikangowalandira ndi zolakwika, zolakwikazo zimatuluka zitavala suti. Kwa ife, kulowetsa mabuku 31 usiku umodzi inali ntchito yosatheka.

Ndiye ndinachita ndi manja. Ndinachotsa ma Enter ndi mipata ya wotayipa uja, manambala ndi mitengero, chaka n'kuchiika m'mikutiramawu pambuyo pa dzina la mlembi. Mayina a mizinda ya osindikiza ndinafufuta, poti APA 7 inawasiya. Kenako ndinasankha mndandanda wonse, n'kudina Ctrl+T kamodzi, mizere yonse n'kulowa mofanana, Sort n'kuyala mayina motsatira alifabeti. Kupendeketsa kokha ndi Ctrl+I ndiko kunandidyera ola.

Lipoti la kamodzi, manja akukwanirani. Amene mukuyamba kafukufuku wa chaka chomaliza, yambani lero ndi Zotero. Kwa wotayipa uja ndimapitako kukabayinda basi.