Kuyeza munda ndi chithunzi cha droni: ndemanga patatha miyezi tikuigwiritsa ntchito njirayi

Wina watifunsa kuti: "Paja munkati chithunzi chimodzi cha droni n'chokwanira kuyezera munda. Kodi mukunenabe choncho? Ineyo masamu anga akusiyana ndi tepi."

Tikunenabe, bambo, koma pa malo athyathyathya. Kuyambira dzinja mpaka nthawi ya chiperoni njirayi yayesedwa m'madimba ndi m'minda ya mbatatesi kuno ku Dedza, ndipo masamu ake sananamepo. Chimene chimasokoneza ndi manambala amene timawapatsa masamuwo. Masamuwo ndi awa:

```
D = 2 × H × tan(FOV ÷ 2)
```

D ndi mtunda wa pansi umene diso la kamera laona, H ndi kutalika kwa droni kuchokera pa nthaka imene ikujambulidwayo, FOV ndi kutambasuka kwa diso la kamera m'madigiri. Titenge DJI Mini 2, imene pepala lake limati madigiri 83 ndipo chithunzi chake ndi mapikiseli 4000 ndi 3000, mapikiseliwo kukhala timadontho timene timapanga chithunzi. Ambiri amagwa pomwepa. Madigiri 83 amenewa si a m'lifupi mwa chithunzi ayi, ndi opingasa, kuchoka pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anizana nayo, ndipo mzere umenewo uli ndi mapikiseli 5000. Droni ikakhala pa mamita 100, D amatuluka mamita 177. Mukagawa ndi 5000, pikiseli imodzi ikuimira masentimita 3.54 pansi. Mbali ya munda imene yatenga mapikiseli 1200 ndiye kuti ndi mamita 42.5. Amene wagawa 177 ndi 4000 apeza mamita 53, wautalikitsa munda ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati masamu anu akuposa tepi ndi mlingo womwewu nthawi zonse, musafunenso kwina. Muonenso kuti kakyuleta ili pa DEG, kutanthauza madigiri, osati RAD.

Vuto lalikulu, limene silioneka msanga, ndi H. Nambala imene mumaiona pa foni si mtunda wa droni kuchokera pansi pamene ili, koma kuchokera pamene inanyamukira, chifukwa imayeza ndi mphamvu ya mpweya. Ku bwalo la mpira zimenezi zilibe kanthu. Koma kuno anthu timaulutsira droni pamsewu kapena pa chulu, munda uli kumunsi kudambo. Dimba likakhala mamita 20 kutsika kuchokera pamene mwaima, foni iti 100 pamene droni ili mamita 120 pamwamba pa dimbalo. Pikiseli imodzi tsopano ndi masentimita 4.25, ndipo mapikiseli 1200 aja ndi mamita 51, osati 42.5. Pa maekala ndiye zimanyanya, poti cholakwikacho chimalowa m'litali ndi m'lifupi momwe: munda weniweni umakhala waukulu ka 1.44 kuposa umene mwawerengera. Wogula feteleza potengera nambala imeneyo adzamuthera mizere isanathe.

Mankhwala ake ndi otchipa. Nyamukirani m'munda momwemo. Ngati simungathe, yalani matumba awiri oyera m'mundamo, motalikirana mamita 20 oyeza ndi tepi, muwapsinje ndi miyala kuti mphepo isawasunthe, ndipo aoneke chapakati pa chithunzi. Pa mamita 100 enieni, pakati pa matumbawo payenera kukhala mapikiseli pafupifupi 565. Mukapeza 471, dziwani kuti droni inali pa 120. Apo isiyeni nambala ya pa foni, gawani mamita 20 ndi mapikiseli amene mwawerengawo, ndipo muyezere zonse ndi yankholo. Ife tikuona kuti matumbawa ndi odalirika kuposa nambala iliyonse ya droni, makamaka tsiku limene nyengo ikusinthasintha, poti choyezera mpweya chija chimasuntha pang'onopang'ono droni ili m'mwamba.

Pa munda wotsetsereka, ngati ya m'mphepete mwa phiri la Dedza, chithunzi chimapereka mtunda wogona, tepi imatsata kutsetsereka. Pa madigiri 15, mamita 50 a pachithunzi amakhala pafupifupi 52 pa tepi. Kumeneko n'kochepa. Choipa n'chakuti kumtunda kwa munda kuli pafupi ndi kamera kuposa kumunsi, ndiye pikiseli ilibe mlingo umodzi pachithunzi chonse. Pamenepo chithunzi chimodzi sichikwanira. Pamafunika zithunzi zambiri zolowerana, zolumikizidwa pa kompyuta.

Kamera iyang'ane pansi ndendende, pa madigiri -90. Ikapendekeka, mizere yofanana imaoneka yopanikizana kumtunda kwa chithunzi, ndipo chithunzi chotero n'chongotaya. Muziyezanso pa chithunzi chochokera pa khadi ya droni. Chimene chadutsa pa WhatsApp chimafika chitachepetsedwa mapikiseli, ndipo chojambulidwa pa 16:9 chimadulidwa pamwamba ndi pansi n'kutsala 4000 ndi 2250. Pa chodulidwacho pikiseli ikadali masentimita 3.54 omwe aja, choncho gawanibe ndi 5000.

Za malire a malo okangana, njirayi isalowe m'malo mwa akatswiri oyeza malo.