Kope, WhatsApp, apu kapena tebulo: pa ntchito zodikira anthu ena ine ndinasankha chiti

Anzanga amashopu kuno ku Ulongwe andifunsa kangapo kuti mumatani inu kuti mapepala anu asamagone ku maofesi komanso ogulitsa asamakuiwaleni, ndiye ndati ndingolemba kamodzi. Ndayesapo njira zingapo, ina inandiluzitsa ndalama moti mpaka lero ndikaiganiza mtima umandiwawa.

Ntchito yodikira munthu wina si ntchito wamba ayi. Kusesa mushopu ndi iwe wekha, ukasesa watha. Koma ukapereka pepala la lisensa ku ofesi, kapena ukatumiza ndalama kwa wogulitsa feteleza ku Tete, mbali yako watha koma chinthucho sichinathe, chili m'manja mwa munthu amene ali ndi zake zambirimbiri. Nde chida chabwino ndi chomwe chimakuuza kuti lero imbira uyu, osati chongokusungira mndandanda.

Kope ndilibe nalo mlandu. Silifuna netiweki kapena chaji, mayi anga akugwiritsabe ntchito pa ngongole za kachewere ndipo sasokoneza. Vuto ndi loti kope sililankhula, zinthu zikapitirira khumi masamba amachuluka ndipo cha mwezi watha chimakwiririka.

WhatsApp ndi komwe nkhani zonse zimachitikira ndiye ambiri timaganiza kuti basi zikwanira. Umaika nyenyezi pa meseji, umapinitsa macheza pamwamba, koma opinitsawo amalola atatu okha, ndipo nyenyezi ilibe tsiku lokukumbutsa. Ndi pabwino kusungirapo umboni, chithunzi cha risiti, voisi yomwe munthu analonjeza kuti Lachisanu katundu afika. Kusunga umboni basi.

Tsopano apu ija. Sinditchula dzina, ndi imodzi mwa zija zolembapo ntchito nkumachonga ukamaliza. Poyamba inali yaulere, nditazolowera ndinapeza kuti zomwe ndimafuna kwenikweni ndi zolipira mwezi ndi mwezi komanso pakhadi ya ku banki, ndinalipira ndithu. Koma ndalama imeneyo si imene inandipweteka. Chinandipweteka ndi choti ntchito mmenemo inali ndi mbali ziwiri zokha, yachitika kapena sinachitike, panalibe pakati polemba kuti ndikudikira.

Chaka chatha ndinapempha kotasau ya matumba 40 a feteleza kwa wogulitsa wina mumzinda wa Tete, anatumiza, pansi palembedwa kuti mtengowu ugwira masiku 15. Ine mu apu ndinali nditalemba kuti "kuitanitsa feteleza". Ndinawayankha kuti ndavomera, nditumizireni fatura ndilipire, kenako ndinachonga kuti zatheka, mzere uja nkuzimiririka pa sikirini. Iwo anangokhala duu. Ine m'mutu mwanga nkhani inali itatha chifukwa pafoni sinkaonekanso, ndinali busy ndi mbewu za chimanga, ndipo ndinadzakumbuka mlimi wina wa ku Tsangano atabwera kudzafunsa feteleza wake, patapita masiku 19. Nditaimba anandiyankha mwaulemu ndithu kuti bambo kotasau ija inatha, mtengo wakwera ndi mametikali 150 pa thumba. Pa matumba 40 ndi 6,000 imeneyo, kuwonjezera kuti galimoto yomwe ndikanakwezapo katundu inali itapita kale, ndipo kuchoka ku Tete kufika kuno ndi makilomita opitirira 200, sungangoti ndithamangireko. Foni imodzi pa tsiku lachitatu ikanathetsa zonsezi. Ena amati ukanalemba ntchito ina yowakumbutsa, zoona, koma ndiye ndimalipiriranji chida chomwe chikufuna kuti ineyo ndizichikumbutsa?

Kalendala ya pafoni ndinayesanso, imalira bwino pa nthawi yake, koma ikalira uli ndi kasitomala umangoikankha ndi chala ndipo mawa siibweranso, tsiku lija limatsalira m'mbuyo.

Panopa ndili pa tebulo la Google Sheets, la Excel ndi chimodzimodzi. Mzere uliwonse ndi chinthu chimodzi chomwe ndikudikira. Ndimalemba chinthucho, amene ndikumudikira ndi nambala ya risiti kapena ya pepala lomwe anandidindira, tsiku lomwe ndinapereka, masiku omwe analonjeza, kenako mmene zilili. Pamenepa pali mawu atatu okha, "ndichite ine", "ndikudikira", "zatha", ndipo "zatha" ndimalemba katundu ali m'shopu kapena pepala lili m'manja mwanga, osati nditangotumiza meseji.

Chomwe chinandisinthira zinthu ndi kusiyanitsa masiku atatu omwe kale ndinkawasakaniza. Pali tsiku lomwe iwo alonjeza, pali tsiku lomwe ine ndiwafunse, ndiye pali tsiku lomwe chinthucho chimafa, monga kotasau ija. Lowafunsa limayenera kubwera lolonjezedwa lisanafike. Wogulitsa ndimamupatsa masiku awiri kapena atatu, ofesi ndimapitako pakati pa nthawi yomwe anena, chifukwa nthawi zambiri pepala limaima kaamba ka kanthu kakang'ono, fotokope ya NUIT, nambala ya msonkho ija, yasowa kapena siginecha, ndipo palibe amene angakuimbire kukuuza.

Ku maofesi akati masiku 15 funsani ngati akunena masiku ogwira ntchito, kusiyana kwake nkwakukulu. Tinene mwapereka pepala Lachisanu pa 19 Seputembala 2025. Mukawerenga pa zala mufika pa 4 Okutobala, lomwe ndi Loweruka komanso holide. Koma mukachotsa Loweruka ndi Lamlungu, nkuchotsanso 25 Seputembala yomwe ndi holide ya dziko lonse, tsiku lenileni ndi Lolemba pa 13 Okutobala. Tebulo limawerengera lokha, C2 ndi tsiku lopereka, D2 ndi masiku, ndipo kuyambira J2 kutsika ndinalembamo maholide a chaka:

```
=WORKDAY(C2,D2,$J$2:$J$12)
```

Amene Excel yanu ili ya Chipwitikizi dzina lake ndi DIATRABALHO ndipo pakati mumaika chizindikiro cha ; m'malo mwa koma. Kenako ndinaika lamulo loti mzere uzifiira ngati mu G, momwe ndimalemba mmene zilili, muli "ndikudikira" ndipo tsiku lowafunsa, lomwe lili mu F, lakwana. Mlamu wanga anandithandiza kukonza pa kompyuta yake kamodzi basi:

```
=AND($G2="ndikudikira",$F2<=TODAY())
```

Ubwino wake mzere wofiira suchoka, mawa uli pompo, mkuja uli pompo, mpaka nditaimba nkulemba tsiku lina. Ngakhale F ndikaiwala kulembamo umafiiranso, zomwe ine zimandisangalatsa chifukwa chodikira chopanda tsiku ndi chomwe chinandidyera 6,000. Ndikaimba ndimalembanso pambali amene ndalankhula naye ndi zomwe wanena. Ukafika pa ofesi nkunena kuti achimwene, ndinabwera pa 1 Okutobala munandiuza kuti latsala ndi kusayina kwa abwana, amadzuka kukaliyang'ana. Ukangoti ndabwera kudzaona pepala langa amakuuza kuti mubwerenso.

Tebulo lili ndi zofooka zake, sindibisa. Sililira, ukapanda kulitsegula silikuuza kanthu, ndipo kulemba pa foni yaing'ono kumatopetsa, komanso muyenera kuliika kuti lizitseguka popanda netiweki musanapite kumidzi. Nde kalendala ija ndinaisiyira ntchito imodzi yokha, imalira 7 koloko m'mawa Lolemba ndi Lachinayi kuti tsegula tebulo, nthawi imeneyo ndimakhala ndisanatsegule shopu ndipo ogulitsa ambiri amayankha foni asanatanganidwe. Amene zodikira zanu sizipitirira zisanu khalani pa kope, ingojambulani mizere ya masiku atatu aja. Koma apu yochonga ija ndinaifufuta tsiku lomwelo feteleza atafika, ndipo mphwanga atafuna kuiika mufoni yake ndinamuletsa.